Penshoni ya lonjezo ndi penshoni yosonkha: ndalama zikapanda kuswana, amaluza ndani? Mafunso ndi mayankho

Ndakhala ndikukonza malipiro ndi mapepala a penshoni kuno ku Zomba kwa zaka zambiri, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amandifunsa, ena muofesi, ena tikakumana mumsika kapena pamaliro. Onse amazungulira pa chinthu chimodzi. Ndalama ya penshoni sikhala m'bokosi, imapita kukagwira ntchito kuti iswane. Ndiye ikapita n'kubwera yoperewera, amene alowe m'thumba mwake kuti akwaniritse ndani?

Kodi mitundu iwiriyi imasiyana pati?

Mukayang'ana mapepala a thumba lanu la penshoni, nthawi zambiri mupeza zilembo DB kapena DC. Ine DB ndimaitchula kuti penshoni ya lonjezo, ndipo DC ndimaitchula kuti penshoni yosonkha.

Pa penshoni ya lonjezo, chodziwika kuyambira pachiyambi ndi zimene mudzalandire. Malamulo a thumba amanena mawerengedwe ake: zaka zimene mwagwira, malipiro anu omaliza, ndi gawo limene chaka chilichonse chimakupatsani. Ndalama zofunika kuti lonjezolo likwaniritsidwe sizidziwika bwinobwino mpaka nthawi itakwana, ndipo imeneyo ndi nkhawa ya olemba ntchito.

Pa penshoni yosonkha, chodziwika ndi zimene zikulowa mwezi ndi mwezi. Zimalowa mu akaunti ya dzina lanu, zimaswana kapena kufota, ndipo zimene mudzapezemo tsiku lopuma ndi zomwezo basi. Palibe amene anakulonjezani nambala.

Taganizani za mpunga wa ku Chilwa. Munthu wina wapangana ndi mwini munda kuti akalima chaka chonse adzalandira matumba 10, mvula igwe kapena isagwe. Wina wapatsidwa mbewu ndi feteleza, n'kuuzidwa kuti munda ndi uwu, zokolola zonse ndi zako. Chaka cha mvula yabwino wachiwiriyu akhoza kupeza matumba 14. Chaka cha ng'amba akhoza kupeza 5, ndipo sangapite kwa mwini mbewu kukadandaula, poti uja anapereka kale mbali yake. Woyamba uja ali pa lonjezo, wachiwiri ali pa yosonkha.

Nanga kuno kwathu ambiri tili pa mtundu uti?

Ambiri amene ali pantchito zolembedwa m'makampani, m'mabungwe, m'masukulu ndi m'zipatala zomwe si zaboma ali pa yosonkha. Chiyambire lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, olemba ntchito amayenera kusonkha ndalama yosachepera 10 peresenti ya malipiro, wantchito n'kuikapo 5 peresenti. Lamuloli linakonzedwanso mu 2023, koma masonkhedwe amenewa sanasinthe. Amene amayang'anira mathumba onsewa ndi Banki Yaikulu ya dziko lino.

Penshoni ya lonjezo imene anthu a ku Zomba amaidziwa bwino ndi ya boma yakale ija. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo mpaka lero muli anthu ambiri amene anapuma m'boma, aphunzitsi, anamwino, makalaliki, amene penshoni yawo inawerengedwa potengera zaka ndi malipiro. Mu 2017 boma linayamba kuika antchito ake achinyamata, a zaka 35 kutsika pansi pa nthawiyo, m'thumba losonkha. Choncho pasukulu imodzi ku Matawale kapena ku Domasi mukhoza kupeza aphunzitsi awiri, m'chipinda chimodzi chokonzekereramo, wamkulu ali pa lonjezo, wamng'ono ali pa yosonkha, koma onse amangoti "penshoni yanga" ngati ndi chinthu chimodzi.

Tatipatsani chitsanzo cha manambala kuti tione kusiyanako.

Pano ndichedwapo, chifukwa ukamvetsa apa zina zonse zimatsatira.

Titenge anthu awiri ongoyerekeza, a Phiri ndi mayi Banda. Onse amalandira K400,000 pamwezi, onse agwira zaka 30, onse apuma ali ndi zaka 60. Kuti tisasokonezeke, manambala onse ndikuwawerenga pa mphamvu ya kwacha ya lero, ngati kuti malipiro awo akungokwera mofanana ndi mitengo ya zinthu.

A Phiri ali pa lonjezo. Tiyerekeze kuti malamulo a thumba lawo akuti chaka chilichonse chogwira chimapereka gawo limodzi mwa magawo 60 a malipiro omaliza. Gawo limeneli ndasankha ngati chitsanzo chabe, thumba lililonse lili ndi lake.

```
30 / 60 x 400,000 = 200,000
```

A Phiri azilandira K200,000 mwezi uliwonse mpaka imfa. Ngati atakhala ndi moyo zaka 15 atapuma, imeneyo ndi miyezi 180, ndipo thumba liyenera kutulutsa K36 miliyoni.

Mayi Banda ali pa yosonkha. 15 peresenti ya K400,000 ndi K60,000 pamwezi, K720,000 pachaka. Pa zaka 30 ndalama zolowa zonse ndi K21.6 miliyoni. Zimene adzapeze zikudalira kuti phindu la thumba lakhala likuposa kukwera mitengo kwa zinthu kapena ayi. Ngati chaka ndi chaka phindu limaposa kukwera kwa mitengo ndi 3 peresenti, akaunti yawo idzafika pafupifupi K34 miliyoni, ndipo mukaigawa pa miyezi 180 ija ikupereka pafupifupi K190,000 pamwezi. Apa iwo ndi a Phiri ali pafupi kufanana. Ngati phindu limangothamanga limodzi ndi mitengo, osaposa osatsalira, adzapeza K21.6 miliyoni yomwe ija, ndiye kuti K120,000 pamwezi. Koma ngati phindu limatsalira m'mbuyo ndi 2 peresenti chaka chilichonse, akaunti idzakhala ndi mphamvu ya K16.4 miliyoni yokha, pafupifupi K91,000 pamwezi.

Taonani, mayi Banda ndi munthu mmodzi yemweyo, agwira ntchito imodzimodzi, sanajombe kusonkha ngakhale mwezi umodzi, abwana awonso sanabe tambala. Koma ukalamba wawo ukhoza kukhala wa K190,000 kapena wa K91,000. Kusiyana kumeneku ndi kumene timatcha chiopsezo cha kaswanidwe ka ndalama, ndipo chonse chili pamutu pawo.

Tsopano tibwerere kwa a Phiri. Tinene kuti thumba lawo linkalandiranso K60,000 pamwezi pa dzina lawo, ndipo zaka zakhala zoipa moti zangokwana K21.6 miliyoni. Lonjezo likufuna K36 miliyoni. Kwaperewera K14.4 miliyoni. A Phiri salandira kalata yowauza kuti penshoni yatsika. Kalatayo imapita kwa olemba ntchito, kuti awonjezere. Zaka zikakhala zabwino kwambiri, a Phiri salandiranso zoposa K200,000, phindu lowonjezeralo limangopeputsa katundu wa olemba ntchito.

Olemba ntchito amadziwa bwanji kuti thumba la lonjezo laperewera, poti anthu sanapume?

Pakapita zaka zingapo, matrasti, anthu oikidwa kuyang'anira thumba m'malo mwa mamembala, amaitana katswiri wa mawerengedwe a penshoni ndi inshuwalansi. Iye amatenga mndandanda wa mamembala onse, zaka zawo, malipiro awo, n'kuyerekeza kuti malipiro azikwera bwanji, ndalama ziziswana bwanji, ndiponso anthu azikhala zaka zingati atapuma. Akatero amaika mbali imodzi mtengo wa malonjezo onse, mbali ina chuma chimene thumba lili nacho. Ngati malonjezo ndi K1 biliyoni ndipo chuma ndi K800 miliyoni, thumbalo lili ndi K80 pa K100 iliyonse imene linalonjeza, ndipo olemba ntchito amapatsidwa zaka zoti akwirire dzenjelo.

Ichi n'chifukwa chake makampani ambiri padziko lonse anatseka mathumba a lonjezo kwa antchito atsopano. Sanafune ngongole imene kukula kwake sakukudziwa. Pa yosonkha, mwini kampani akapereka 10 peresenti yake mwezi uno, wathana nazo.

Ndiye kuti amene ali pa lonjezo alibe chodera nkhawa?

Ayi, ali nacho, kungoti nkhawa yake ndi ya mtundu wina. Lonjezo limalimba monga mmene mwini lonjezo walimbira. Kampani ikagwa thumba lili loperewera, palibenso woti awonjezere, ndipo kuperewera kuja kumatsikira kwa antchito. Ku Britain, mwini manyuzipepala Robert Maxwell atamwalira mu 1991, zinadziwika kuti ndalama zankhaninkhani za m'mathumba a penshoni a makampani ake zinali zitachotsedwa. Patapita zaka, mu 2005, dzikolo linatsegula thumba lapadera lopulumutsa mamembala a penshoni ya lonjezo kampani yawo ikagwa. Ku America bungwe la boma logwira ntchito yofananayo linakhazikitsidwa mu 1974. Mayiko amenewa sakanavutika kukonza zonsezi chikhala kuti lonjezo palokha limakwanira.

Penshoni ya boma yakale ili ndi nkhope inanso. Kumbuyo kwake kulibe mulu wa ndalama zoswana, imalipidwa kuchokera m'bajeti ya chaka chimenecho. Pamenepo nkhani ya masheya kugwa siikukhudzani. Chimene chimakukhudzani ndi kuchedwa kwa ndalama ya nthawi imodzi ija mukangopuma, ndi kuti penshoni ya pamwezi ikwezedwa liti.

Ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa, chifukwa anthu saziwerengera. Lonjezo lambiri limanenedwa m'makwacha, osati m'matumba a chimanga. Ofesi ya boma imene imawerengera kukwera kwa mitengo ya zinthu likulu lake lili konkuno ku Zomba, ndipo mu 2023 ndi 2024 manambala ake ankasonyeza mitengo ikukwera kupitirira 25 peresenti pachaka. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Penshoni ya a Phiri ya K200,000, ikakhala yosakwezedwa mitengo ikukwera ndi 25 peresenti kwa zaka zitatu, imagula zimene K102,000 inkagula. Lonjezo lasungidwa ndithu, palibe wanama, koma dengu lobwera nalo kumsika lafika theka. Choncho funso loyamba kwa munthu amene ali pa lonjezo likhale lakuti: malamulo a thumba akunena kuti penshoni izikwera chaka ndi chaka, kapena kukweza kumadalira kufuna kwa matrasti?

Sitetimenti yanga ikusonyeza kuti thumba linapanga phindu la 20 peresenti. Si zabwino zimenezo?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funsani kaye kuti chaka chimenecho mitengo inakwera bwanji. Ngati inakwera ndi 30 peresenti, K100 yanu yasanduka K120 pamene katundu wa K100 wafika pa K130. Mwataya pafupifupi K8 pa K100 iliyonse ngakhale nambala ya pa sitetimenti yakula. Ngati mitengo inakwera ndi 12 peresenti, pamenepo mwapinduladi. Nambala ya phindu payokha sinena kanthu, iyenera kuima pambali pa inzake.

Funsaninso ngati 20 peresentiyo ndi yotsala atachotsa kale zolipira oyendetsa thumba ndi osamala ndalama. Pa penshoni yosonkha, zolipirazi zimadya mbali yanu. Pa chitsanzo cha mayi Banda, phindu loposa mitengo likatsika kuchoka pa 3 kufika pa 2 peresenti chifukwa cha zolipira, K34 miliyoni ija imatsika kufika pa K29 miliyoni. Peresenti imodzi yokha yadya K5 miliyoni.

Kodi ndalama zathuzi zimapita kuti kwenikweni?

Zambiri zimapita malo awiri: kukongoza boma, ndi kugula masheya a makampani pamsika wa masheya wa ku Blantyre, monga mabanki, kampani ya shuga ya Illovo ndi makampani a mafoni. Zina zimagula nyumba zochititsa lendi kapena kuikidwa m'mabanki kuti zipeze chiwongola dzanja. Msika wathu wa masheya uli ndi makampani ochepa, choncho mathumba ambiri amagula zinthu zofanana, ndipo chaka chikaipa chimaipira onse pamodzi.

Mathumba ena oyendetsedwa ndi makampani a inshuwalansi amasalaza phindu: chaka chabwino amasungako pang'ono, chaka choipa amatapa pa zosungidwazo kuti bonasi, phindu lolembedwa mu akaunti yanu chaka chimenecho, isagwe kwambiri. Zimenezi zimathandiza munthu amene tsiku lake lopuma lagwera chaka choipa. Koma musazisokoneze ndi lonjezo. Chimene angakutsimikizireni ndi chakuti makwacha amene analowa sadzachepa pa nambala, osati kuti adzagula zimene ankagula.

Ngati abwana akundidula 5 peresenti koma sakutumiza, ndiye kuti chiyani?

Limeneli si vuto la msika, ndi kuphwanya lamulo, koma pa penshoni yosonkha limapweteka koposa chifukwa ndalama yosafika siswana.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa ku Chinamwali, mlonda, atanyamula mapepala ake m'jumbo ya shuga, atawapinda kanayi. Anati, "Achimwene, tandionerani, akuti ndatsala zaka ziwiri." Tinayala mapepala a malipiro patebulo, mwezi ndi mwezi, n'kuika sitetimenti pambali. Pepala lililonse linkasonyeza kuti adulidwa. Koma pa sitetimenti, mzere wa zolowa unali ndi mipata, miyezi 19 yopanda kanthu. Bamboyo ankaloza ndi chala pa mipatayo osayankhula, kenaka anangofunsa kuti, "Ndiye zinapita kuti?" Ankaganiza kuti poti pepala la malipiro lalemba, ndiye kuti ndalama yafika.

Kuzindikira kwake n'kosavuta. Tengani sitetimenti ya chaka, werengani ngati zolowa zilipo 12, ndipo chilichonse chikhale 15 peresenti ya malipiro amene penshoni imawerengedwerapo, kapena kuposa ngati pangano lanu likutero. Lamulo limapatsa olemba ntchito masiku 14 mwezi ukatha kuti atumize. Mukapeza mpata, lembani kalata kwa olemba ntchito ndi kwa oyendetsa thumba, musunge kope, ndipo ngati sizikusuntha kadandauleni ku Banki Yaikulu. Pofunsa musamangofuna ndalama yosatumizidwayo, funsaninso za chiwongola dzanja cha nthawi imene yachedwa.

Ndikasintha ntchito, mtundu uti umandikomera?

Apa yosonkha imapambana. Akaunti ndi yanu, imakutsatirani ku ntchito yatsopano ndipo imapitiriza kuswana. Pa lonjezo lowerengera malipiro omaliza, munthu wochoka msanga amaluza mwakachetechete. Mukagwira zaka 10 n'kuchoka muli ndi zaka 35, m'mathumba ambiri zaka 10 zimenezo zimawerengedwa pa malipiro a tsiku limene munachoka, osati amene mukanafika nawo pa zaka 60. Ngati malamulo sakunena zokweza nambalayo podikira, zaka 25 za kukwera kwa mitengo zimaitafuna mpaka kutsala dzina lokha. Lonjezo limakomera munthu wokhala malo amodzi moyo wonse, makamaka amene wakwezedwa udindo chakumapeto.

Tsiku lopuma likafika, chiopsezo chimatha?

Kwa a Phiri, palibe chosankha chachikulu, ndalama izibwera mpaka imfa, kaya afike zaka 70 kaya 95. Kutalika kwa moyo wawo ndi katundu wa thumba.

Kwa mayi Banda mpamene zosankha zikuyamba. Lamulo la 2023 limalola kutenga mpaka theka la ndalama nthawi imodzi, pamene kale inali 40 peresenti. Zotsalazo pali njira ziwiri. Akhoza kuzipereka ku kampani ya inshuwalansi kuti iziwalipira mwezi ndi mwezi moyo wawo wonse. Akatero agula lonjezo, ndipo nkhawa ya msika ndi ya kutalika kwa moyo yasamukira ku kampaniyo, ngakhale nkhawa ya mitengo imatsala ngati malipirowo ndi osakwera. Kapena akhoza kuzisiya zikuswana n'kumatapa pang'onopang'ono. Apa zotsala akamwalira zimapita kwa ana, koma ngati atakhala zaka 25 m'malo mwa 15 zimene tinawerengera zija, ndalama ikhoza kutha iwo akadali moyo.

Theka lotenga nthawi imodzi lija ndimalitchula mosamala ndikamacheza ndi anthu. Pa K34 miliyoni, kutenga K17 miliyoni ndiye kuti za pamwezi zatsika kuchoka pa K190,000 kufika pa K95,000. Kumalizitsa nyumba kuti musiye lendi n'kwanzeru, chifukwa mwachotsa bilu ya mwezi ndi mwezi. Kugula minibasi ya Zomba–Limbe muli ndi zaka 60, musanayendetsepo bizinesi yotere, ndiye kuti mwachotsa ndalama m'thumba limene linamwaza chiopsezo malo ambiri n'kuiika pa injini imodzi ndi dalaivala mmodzi.

Abwana akufuna kutisamutsa kuchoka pa lonjezo kupita pa yosonkha. Tifunse chiyani tisanasaine?

Dziwani kaye kuti chimene chikusamuka ndi chiopsezo, kuchoka kwa iwo kubwera kwa inu, choncho n'koyenera kufunsa kuti akukupatsani chiyani posinthana nacho. Funsani kuti zaka zimene mwagwira kale zisungidwa ngati lonjezo kapena zisandutsidwa ndalama yolowa mu akaunti. Ngati zisandutsidwa, pemphani lipoti la katswiri uja ndipo muone ngati wawerengera malipiro a lero okha kapena waganiziranso kukwera kwake mpaka mudzapume. Funsani ngati thumba ndi lokwanira, ndipo ngati laperewera, akwirira ndani musanasamuke. Kenaka funsani kuti azisonkha peresenti zingati, chifukwa lonjezo ngati la a Phiri nthawi zambiri limadya zoposa 10 peresenti ya olemba ntchito, ndipo akatsikira pa 10 yokha ndiye kuti malipiro anu enieni atsika ngakhale pepala la malipiro silikusonyeza.

Msinkhu ndi wofunikanso. Wa zaka 28 ali ndi nthawi yoti zaka zoipa ndi zabwino zisakanikirane, ndiponso mwina adzasintha ntchito kangapo, choncho kusamukako kukhoza kumukomera. Wa zaka 55 watsala ndi zaka zisanu zokha, ndipo zaka zimenezo ndi zimene lonjezo limakula msanga chifukwa kukwezedwa kulikonse kwa malipiro kumachulukitsidwa ndi zaka zonse za m'mbuyo. Munthu wotere apemphe manambala awiri olembedwa, penshoni ya pamwezi akakhala pomwe ali, ndi imene akaunti yatsopanoyo ingagule pa zaka 60, awaike pamodzi patebulo asanagwire cholembera.